Kulowetsa polinomiyo mu inzake: tingadziwe bwanji digiri ndi nambala yotsogolera tisanatambasule?

Chikondi: Moni nonse, makamaka aphunzitsi amene muli pagulu lino. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo kuyambira dzulo. Tapatsidwa f(x) = 2x³ − x + 4 ndi g(x) = −3x² + 4x + 1, ndipo tauzidwa kuti titchule digiri ya f(g(x)) pamodzi ndi nambala yake yotsogolera popanda kutambasula mabulaketi. Ine ndinalemba kuti digiri ndi 5, chifukwa 3 kuphatikiza 2 ndi 5, ndiponso kuti nambala yotsogolera ndi −6, chifukwa 2 kuchulukitsa ndi −3 ndi −6. Mnzanga amene timawerengera limodzi akuti ndalakwa zonse ziwiri, koma iyenso walephera kundilongosolera pamene ndaphonya. Chonde ndithandizeni kuti ndimvetse, osati kungondipatsa yankho.

Bambo Jere: Chikondi, yankho lakolo likanakhala lolondola funso likanakhala la f(x) kuchulukitsa ndi g(x). Pamenepo 2x³ imakumana ndi −3x² kamodzi kokha, nkutuluka −6x⁵, monga momwe wapezeramo. Koma f(g(x)) ndi nkhani ina, pakuti tikutenga g yonse nkuiika paliponse pamene pali x mu f. Choncho pamene panali x³ padzakhala g katatu, ndipo x² katatu ndi x⁶. Digiri ndi 6, osati 5, ndipo lamulo lake ndi lakuti madigiri awiriwo timawachulukitsa. Za nambala yotsogolera, mmene ndimakumbukirira ine, timatenga ya f nkuichulukitsa ndi ya g itakwezedwa ku digiri yake, ndiye kuti 2 × (−3)², zomwe ndi 18.

Mayi Nabanda: Bambo Jere, pa digiri ndagwirizana nanu kotheratu, koma 18 uyo ndikumukana, ndipo umboni wake uli m'mawu anu omwe. Mwanena bwino kuti pamene panali x³ padzakhala g katatu. Ngati g yabwera katatu, ndiye kuti −3 nayenso wabwera katatu, pakuti −3 sangatsale panja pamene x² yake ikulowa. Tiyeni tilembe osatambasula chilichonse:

f(g(x)) = 2(−3x² + 4x + 1)³ − (−3x² + 4x + 1) + 4

Bulaketi yoyambayo ndi mabulaketi atatu ofanana ochulukitsana. Potambasula timasankha chigawo chimodzi m'bulaketi iliyonse nkuchulukitsa zigawo zitatu zosankhidwazo, ndipo timachita zimenezi pa masankhidwe onse otheka. Kuti tifike pa mphamvu yaikulu kwambiri ya x, njira ndi imodzi yokha, ndiyo kusankha −3x² m'mabulaketi onse atatu. Tikangosankha 4x kapena 1 ngakhale m'bulaketi imodzi, mphamvu imatsika pansi pa 6. Choncho chigawo chapamwamba ndi (−3x²)³ = −27x⁶, ndipo 2 wa panja uja akachulukitsa timapeza −54x⁶. Mphamvu imene −3 akukwezedwa nayo ndi digiri ya polinomiyo yakunja, osati yake yomwe.

Bambo Jere: Mwandigwira, Mayi, ndipo ndavomera. Ndinaloweza lamuloli kalekale monga a × b kumtunda kwake kuli kalata, ndipo kalatayo ndi imene inandisokonekera. Chimene chandichititsa manyazi kwambiri ndi chakuti sindinaphonye kukula kwa nambala kokha, komanso chizindikiro chake, chifukwa 18 ndi ya pulasi pamene yankho lenileni ndi la mayinasi.

Mayi Nabanda: Palibe chochititsa manyazi, Bambo, chifukwa ambiri amagwera pomwepo, ndipo nchifukwa chake ine sindilola ophunzira anga kulemba lamuloli m'kope asanayese zitsanzo zitatu kapena zinayi ndi manja awo. Koma poti tafikapo, tililembe bwino. Ngati chigawo chapamwamba cha f ndi a·xᵐ ndipo cha g ndi b·xⁿ, ndiye kuti chigawo chapamwamba cha f(g(x)) ndi a·(b·xⁿ)ᵐ, zomwe ndi a·bᵐ·xᵐⁿ. Amene walemba a·(b·xⁿ)ᵐ, bulaketi ili m'malo mwake, sangasokoneze m ndi n, pakuti akuona ndi maso kuti m ali kunja ndipo akugwira b ndi x mofanana. Nkhani ya chizindikiro imene mwaitchulayo imachokeranso pomwepa. Ngati b ndi wa mayinasi, chimene chimagamula ndi m: akakhala wogawika ndi 2, mayinasi wa b amatha, ndipo akakhala wosagawika ndi 2, monga 3 wathuyu, mayinasi amatsala.

Chikondi: Zikomo kwambiri Mayi ndi Bambo, tsopano ndaona kusiyana kwa kuchulukitsa ndi kulowetsa. Komabe mtima wanga sunakhazikike pa chinthu chimodzi. Mwangoyang'ana 2(…)³ nkusiya −(…) ndi 4 ngati kuti kulibe. Kodi sizingachitike kuti zigawo zotsalazo zitulutse x⁶ ina imene ingasinthe −54, mwinanso kumufafaniza kumene? Ndikufunsa chifukwa pophatikiza ma polinomiyo ndinaonapo x² ndi −x² zikuthana, digiri nkutsika.

Mayi Nabanda: Funso limenelo ndi lofunika kuposa lamulo lenilenilo, mwanawe. Pophatikiza, zigawo ziwiri za mphamvu yofanana zimatha kukumana nkuthana, monga wanenera. Koma pano yang'ana digiri ya chidutswa chilichonse pachokha. Chidutswa cha g³ chili ndi digiri 6, cha g² chikanakhalapo chikanakhala ndi digiri 4, cha g chili ndi digiri 2, ndipo 4 uja alibe x. Madigiriwa akutsika ngati makwerero, ndipo khwerero lililonse ndi lotalika n. Malinga ngati n ndi 1 kapena kuposerapo, palibe chidutswa chapansi chimene chingafike pamene pali chapamwamba, choncho −54x⁶ ili yokha ndipo ilibe mnzake woti nkuthana naye. Usaiwale mawu akuti malinga ngati n ndi 1 kapena kuposerapo, chifukwa lamulo lonse laima pamenepo.

Tiyamike: Pepani kuti ndalowerera mochedwa. Ine ndayesa funsoli papepala ndipo ndapeza −12x⁶, osati −54x⁶. Ndatenga 2x³ nkuikweza kawiri kukhala 4x⁶, kenako nkuchulukitsa ndi −3. Ndabwereza kawiri konse ndipo sindikuona cholakwika.

Bambo Jere: Kawerengedwe kako kalibe cholakwika, Tiyamike, koma wayankha funso lina. Chimene wapezacho ndi g(f(x)), pamene f ndiyo yalowa mu g, pomwe Chikondi anafunsa za f(g(x)). Komabe watithandiza, chifukwa tsopano tili ndi mayankho onse awiri pafupi. Digiri ndi 6 uku ndi uko, popeza 3 × 2 ndi 2 × 3 ndi chimodzimodzi, koma nambala zotsogolera ndi −54 ndi −12. Ophunzira ambiri akaona kuti digiri sikusintha amaganiza kuti zilibe kanthu kuti ndi iti ikulowa mu inzake, ndipo nambala yotsogolera ndiyo imawaonetsa msanga kuti zili ndi kanthu.

Tiyamike: Ndaona tsopano. Buku limene ndikugwiritsa ntchito limalemba f∘g, ndipo ine ndimawerenga kuchokera kumanzere, nkuganiza kuti f ndiyo yoyamba kugwira ntchito pa x, pomwe yoyamba ndi imene ili pafupi ndi x.

Agogo Mwale: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndafuna kuti nditsimikize ndi manja anga, pakuti pa zaka zonse zimene ndinagwira choko sindinkakhulupirira yankho limene sindinalitambasule ngakhale kamodzi. Ndakhala pakhonde ndi pensulo kuseri kwa kalendala yakale, ndipo ndapeza izi:

f(g(x)) = −54x⁶ + 216x⁵ − 234x⁴ − 16x³ + 81x² + 20x + 5

Mayi Nabanda alondola. Koma ndikuuzeni zimene zinandichitikira, chifukwa ndizo zikuonetsa ubwino wodziwiratu. Ulendo woyamba ndinapeza +54x⁶, popeza pochulukitsa 9x⁴ ndi −3x² ndinaiwala mayinasi. Ndikanakhala kuti sindinawerenge zimene Mayi analemba, ndikanapitirira mpaka kumapeto osazindikira. Chifukwa ndinkayembekezera −54, ndinaima pa mzere wachiwiri nkukonza pomwepo. Ndili ndi njira zinanso ziwiri zodziyesera zimene ndinkaphunzitsa. Yoyamba ndi kuika x = 0: g(0) ndi 1, f(1) ndi 5, ndipo nambala yomaliza pa mzere wangawo ndi 5. Yachiwiri ndi kuika x = −1: g(−1) ndi −6, f(−6) ndi −432 + 6 + 4, zomwe ndi −422, ndipo ndikaika −1 mu mzere wotambasulawo ndikupezanso −422. Ndimakonda −1 kuposa 1 chifukwa amagwira zolakwika za zizindikiro zimene 1 nthawi zina amazilekerera.

Chikondi: Agogo, ine ndinayesa kutsimikiza ndi kakyuleta ndipo ndinasokonezeka. Ndinaganiza kuti ngati −54x⁶ ndiyo ikulamulira, ndiye kuti ndikaika x = 10 nkugawa yankho ndi 10⁶ ndipeza pafupifupi −54. Ndinapeza pafupifupi −34.7, ndipo ndinayamba kukayikiranso.

Agogo Mwale: Maganizo ako ndi abwino, mdzukulu wanga, koma 10 ndi wamng'ono kwambiri pa polinomiyo imeneyi. Ukagawa zonse ndi x⁶ umatsala ndi −54 kuphatikiza 216/x, kuchotsa 234/x², ndi tina tating'ono. Pa x = 10, chigawo cha 216/x chokha ndi 21.6, ndipo ndicho chakukokera kutali ndi −54. Yesa x = 100 upeza pafupifupi −51.86, ndipo pa x = 1000 upeza pafupifupi −53.78. Chigawo chapamwamba chimapambana ndithu, koma chimapambana pang'onopang'ono ngati chachiwiri chili ndi nambala yaikulu. Nchifukwa chake njira ya kakyuleta ndi yabwino poona chizindikiro ndi kukula kongoyerekeza, koma siyikupatsa nambala yeniyeni pokhapokha utasankha x wamkulu kwambiri.

Bambo Jere: Agogo, 216 ameneyo wandichititsa chidwi. Kodi nayenso angathe kudziwika tisanatambasule?

Mayi Nabanda: Angathe, Bambo, ndipo ndi njira yomwe ija yosankha m'mabulaketi. Kuti tipeze x⁵ tiyenera kusankha −3x² m'mabulaketi awiri ndi 4x m'bulaketi imodzi. Bulaketi imodziyo ikhoza kukhala yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu, choncho njira zilipo zitatu, ndipo iliyonse ikupereka 9 × 4, zomwe ndi 36. Zitatuzo pamodzi ndi 108, ndipo 2 wa panja akufikitsa pa 216. Koma apa pali pofunika kusamala. Zayenda bwino chonchi chifukwa g ili ndi digiri 2, ndiye khwerero lotsatira, la g², silingapose x⁴. Ngati g ili ndi digiri 1, khwerero lotsatira limafika ndithu pa mphamvu yachiwiri kuchokera pamwamba, ndipo liyenera kuwerengedwa. Mwachitsanzo, mukalowetsa x + 1 mu x² + 5x, nambala ya x ndi 2 wochokera ku (x + 1)² kuphatikiza 5, zomwe ndi 7. Nambala yotsogolera ndiyo yokha imene ili yotetezeka nthawi zonse.

Tiyamike: Mayi, munanena kuti tisaiwale mawu akuti n akhale 1 kapena kuposerapo. Ine ndayesa g(x) = 3 ndipo ndikuona ngati lamulo likugwirabe ntchito, chifukwa digiri ya g ndi 0, ndipo 3 × 0 ndi 0, ndipo f(3) ndi nambala chabe yopanda x. Ndiye vuto lili pati?

Mayi Nabanda: Pa digiri walondola, koma tayesa nambala yotsogolera. Lamulo likunena kuti 2 × 3³, zomwe ndi 54, pamene f(3) ndi 54 − 3 + 4, zomwe ndi 55. Makwerero aja aphwanyika, zidutswa zonse zili pa digiri 0, choncho zikuphatikizana ndipo chapamwamba sichilinso chokha. Ndipo zikhoza kuipiraipira. Tenga f(x) = x² − 9 ndi g(x) = 3 yomweyo. Lamulo likulosera 9, koma chotuluka ndi 0, zonse zathana monga momwe Chikondi ankaopera poyamba paja.

Bambo Jere: Pamenepo digiri ikadali 0, si choncho? Ziro nayenso ndi nambala yopanda x ngati 55.

Agogo Mwale: Ayi Bambo, ine ndinaphunzira ndi kuphunzitsa kuti polinomiyo ya ziro ilibe digiri. Digiri ndi mphamvu yaikulu kwambiri ya x imene nambala yake si ziro, ndipo mu 0 mulibe chigawo choterocho ngakhale chimodzi. Mukaipatsa digiri 0 mumawononga lamulo lophatikiza madigiri pochulukitsa, pakuti x² kuchulukitsa ndi 0 ndi 0, ndipo 2 kuphatikiza 0 si 0.

Mayi Nabanda: Ndikugwirizana ndi Agogo kuti 0 sayenera, ngakhale kuti mabuku ena a kuyunivesite amaipatsa digiri −∞ ndi cholinga choti lamulo lophatikiza lisawonongeke. Kwa ine zimenezo ndi nkhani ya mgwirizano wa olemba, ndipo wophunzira atsate buku limene akuyesedwa nalo.

Agogo Mwale: Ine −∞ sindinamuvomereze mpaka lero, Mayi, chifukwa digiri ndi chinthu chowerengeka ndi zala, koma sindilimbana nanu.

Limbani: Ndiloleni ndibweretse zanga, akuluakulu, pakuti zikukhudzana ndi nkhaniyi. Ndimathandiza mng'ono wanga masamu madzulo, ndipo sabata yatha tinakangana pa funso limene g inalembedwa motere: g(x) = (x + 1)² − x², pamene f(x) = 7 + x − 5x². Iye ananena kuti digiri ndi 4 ndipo nambala yotsogolera ndi 7, ndipo ine ndinangoti walakwa koma ndinalephera kumuonetsa mofulumira. Nditakhala pansi ndinaona kuti misampha inali iwiri. Woyamba ndi wakuti g ikuoneka ngati ya digiri 2, koma x² ziwirizo zimathana ndipo imatsala 2x + 1, ya digiri 1. Wachiwiri ndi wakuti nambala yotsogolera ya f si 7 amene walembedwa koyamba, koma −5 amene ali pa mphamvu yaikulu. Choncho yankho ndi −5 × 2², zomwe ndi −20, ndipo digiri ndi 2. Kodi ndalondola?

Mayi Nabanda: Mwalondola, achimwene, ndipo mukatambasula mupeza −20x² − 18x + 3. Mawu akuti popanda kutambasula amanena za f(g(x)), koma f payokha ndi g payokha ziyenera kuyamba zakonzedwa mpaka chigawo chapamwamba cha iliyonse chioneke poyera.

Limbani: Zikomo Mayi. Ndili ndi funso lina lochokera pa zimene Bambo Jere ananena, kuti nambala yotsogolera imaonetsa kuti f(g(x)) ndi g(f(x)) ndi zosiyana. Kodi ndiye kuti nambala ziwirizo zikafanana, ma polinomiyo otulukawo ndi ofanana?

Bambo Jere: Ayi, zimenezo sindinanene, ndipo sizoona. Tengani x² + 1 ndi x³. Mbali zonse ziwiri nambala yotsogolera ndi 1 ndipo digiri ndi 6, koma mbali imodzi mupeza x⁶ + 1 ndipo inayo mupeza (x² + 1)³, imene ili ndi 3x⁴ mkati. Nambala zikasiyana mwatsimikiza kuti ma polinomiyowo ndi osiyana, koma zikafanana simunatsimikize kanthu.

Agogo Mwale: Komabe alipo ma polinomiyo amene amalowetsana mbali zonse nkutulutsa chimodzi, ndipo amene ndimawakonda ndi a Chebyshev, katswiri wa masamu wa ku Russia amene anabadwa mu 1821 nkumwalira mu 1894. Tengani p(x) = 2x² − 1 ndi q(x) = 4x³ − 3x. Tisanatambasule, p(q(x)) ikupereka 2 × 4², zomwe ndi 32, ndipo q(p(x)) ikupereka 4 × 2³, zomwenso ndi 32. Monga Bambo Jere anenera, kufanana kumeneku pakokha si umboni, koma mukatambasula mbali zonse ziwiri mupeza 32x⁶ − 48x⁴ + 18x² − 1. Chifukwa chake chili mu ma engo. Mukaika x = cos θ, p imapereka cos 2θ ndipo q imapereka cos 3θ, choncho kuyamba ndi kuwirikiza engo kawiri kenako katatu, kapena katatu kenako kawiri, zonse zikufikitsa pa cos 6θ. Ndinkapatsa ophunzira anga akhama p yomweyi kuti aziilowetsa mwa iyo yokha mobwerezabwereza. Ulendo woyamba chigawo chapamwamba ndi 2 × 2², ndiye 8x⁴. Ulendo wachiwiri ndi 2 × 8², ndiye 128x⁸. Ulendo wachitatu ndi 2 × 128², ndiye 32768x¹⁶, ndipo pamenepo panalibenso amene ankafuna kutambasula.

Chikondi: Agogo, ndayesa kuganiza mobwerera. Ngati madigiri amachulukitsana, kodi ndiye kuti polinomiyo ya digiri 5 kapena 7 singapangidwe polowetsa ina mu inzake?

Mayi Nabanda: Waona bwino kwambiri. Popeza 5 ndi 7 sizigawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi izo zomwe, imodzi mwa ma polinomiyo awiriwo iyenera kukhala ya digiri 1, zomwe ndi kungochulukitsa ndi nambala nkuphatikiza ina. Koma usathamangire kunena kuti ya digiri 4 kapena 6 imaphwanyika nthawi zonse. Yesa x⁴ + x. Ikanakhala yopangidwa ndi ziwiri za digiri 2, tikanatha kulemba yamkati monga x² + cx, ndipo chigawo cha x³ chikanakhala 2c. Popeza x³ mulibe, c ndi 0, ndiye kuti mphamvu zonse zotuluka zikanakhala zogawika ndi 2, pamene ife tili ndi x payekha. Choncho siphwanyika. Katswiri wa ku America, Joseph Ritt, analemba za nkhani imeneyi mu 1922, ndipo anaonetsa kuti ngakhale polinomiyo imodzi ingaphwanyike m'njira zingapo mpaka pamene zidutswa sizingaphwanyikenso, chiwerengero cha zidutswazo ndi madigiri ake sizisintha, kupatula ndondomeko yake. Ya digiri 6 ya Agogo ija ndi chitsanzo, pakuti ndi 2 ndi 3 kapena 3 ndi 2.

Limbani: Mayi, zonsezi tikukamba za nambala wamba. Ku koleji tinkachita masamu a zotsala, ndipo ndikukumbukira kuti zinthu zina zinkasintha. Ndayesa kulowetsa 2x + 1 mu x² powerengera zotsala pogawa ndi 4. Ndikupeza 4x² + 4x + 1, imene ikusanduka 1 chabe. Digiri imayenera kukhala 2 koma yagwa mpaka 0, ngakhale kuti g ili ndi digiri 1.

Mayi Nabanda: Mwapeza malire enieni a lamuloli, achimwene. Pa mfundo yanga ya makwerero ndinadalira chinthu chimene sindinachitchule, chakuti a·bᵐ si ziro ngati a ndi b si ziro. Pa nambala wamba zimenezo ndi zoona, koma pa zotsala za 4, 2 × 2 ndi 0, choncho chigawo chapamwamba chimazimiririka chokha popanda china chochifafaniza. Mukagawa ndi 5 kapena 7 zimenezi sizichitika, chifukwa kumeneko nambala ziwiri zosakhala ziro sizingachulukitsane nkutulutsa ziro.

Limbani: Ndiye pa zotsala za 4, kodi pali njira yodziwiratu digiri yeniyeni chigawo chapamwamba chikazimiririka, kapena munthu amangoyenera kutsika khwerero ndi khwerero mpaka atapeza chimene sichinafe?

Mayi Nabanda: Ine ndimatsika chigawo ndi chigawo, monga tinachitira popeza 216, ndipo mn imangokhala malire amene digiri singapose. Ngati Agogo kapena Bambo Jere ali ndi njira yachidule pamenepa, ndikufuna kuiona.

Chikondi: Ine ndabwerera ku funso langa ndipo ndalemba 2(−3x²)³ = −54x⁶ pa mzere woyamba. Funso lotsatira pa pepala lomwelo ndi f(f(x)), ndipo ndapeza 2(2x³)³, zomwe ndi 16x⁹. Ndayesa x = 0: f(0) ndi 4 ndipo f(4) ndi 128, choncho ndikudziwa kale chiyambi ndi mathero a mzere umene ndiutambasule usiku uno.